Imelo Imene Inali ya Msewu Wonse

Pakati pa sitolo ya utoto ndi malo ometera tsitsi panali kachipinda kopapatiza, ka chitseko chagalasi long'aluka pakona. M'katimo munali tebulo limodzi, kompyuta, makina okopera mapepala amene ankatsokomola kaye asanayambe ntchito, ndi mipando iwiri yapulasitiki. Mpando umodzi unali wa kasitomala. Pa winawo pankakhala mapepala, kupatula Lachisanu.

M'menemo ndi mmene ankagwira ntchito mayi wina amene msewu wonse unkawatchula kuti Anti a Pasiwedi. Poyamba ntchitoyo anthu ankati asisi, kenako anakhala anti, ndipo masiku ano ana ena anali atayamba kuphonya n'kumati agogo. Iwo ankangokhala ngati sanamve. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, ndipo zimene awerenga m'makalata a anthu zinkathera momwemo. Amuna awo anachoka kalekale osatsanzika. Mwana wawo yekhayo ankagwira ntchito kutali, ndipo akaimba foni ankalankhula ali pakhomo potuluka, makiyi akulira m'manja.

Dzina lawolo linabwera chonchi. Kale, anthu asanayambe kuyenda ndi intaneti m'thumba, munthu ankabwera kudzafunsira ntchito kapena malo a sukulu, n'kufika pamzere wofuna adiresi ya imelo.

“Imelo muli nayo?”

“Imelo ndiye chiyaninso, asisi?”

“Basi, tilembapo yanga. Akakuyankhani ndikuuzani.”

Ankachita zimenezo pofuna kuthandiza, komanso chifukwa kumutsegulira munthu yakeyake kunkatenga nthawi, pamzere pali ena akudikira. Zaka zikupita, adiresi imodziyo inalowa paliponse. Aphunzitsi analembetsera maphunziro awo apamwamba pa adiresiyo. Anesi analembetsera chiphaso chawo cha ntchito. Ometa tsitsi analembetsera tsamba lawo la mchezo. Ndipo munthu akaiwala pasiwedi ya kumalo amenewo, n'kudina kuti waiwala, uthenga wokonzera pasiwedi yatsopano unkapita ku imelo imene analembetsa, kutanthauza kwa Anti. Ndiye anthu ankabwera thukuta lili kamukamu: “Anti, pasiwedi! Taonani ngati yafika!” Anti anamupangira aliyense foda yakeyake m'imelomo, kuti makalata a uyu asasakanikirane ndi a uyo. Msewu wonse unali m'menemo, nyumba ndi nyumba.

Pang'ono ndi pang'ono anthu anagula mafoni awo, n'kuyamba kudzilembera okha. Obwera anachepa. Masiku ena makina okopera ankatha tsiku osatsokomola. Koma panali munthu mmodzi amene sankaphonya Lachisanu: alamu awo, okonza mipope, amene anakwatira mng'ono wawo wa Anti.

Alamuwo ankapatsidwa ntchito ndi kampani ina yoyang'anira nyumba za lendi. Mpopi ukaphulika kapena chimbudzi chikatsekeka, kampaniyo inkatumiza uthenga ku imelo, ndipo imeloyo inali ya Anti. Zikakhala zachangu Anti ankawaimbira foni. Zinazo ankazisindikiza n'kuzisunga, eni ake n'kudzatenga Lachisanu masana. Mafoni a alamuwo sankakhalitsa: ina inagwera m'thanki, ina m'ngalande, ina pamalo oti sangatchule pamaso pa anthu. Akagula ina, Anti ankailowetsa pa akaunti yomweyo kuti iyambe kugwira ntchito, manambala onse n'kubwereramo okha. Alamuwo ankati ndi matsenga.

Ankafika ndi chikwama cha zipangizo chonunkha guluu wa mapaipi, n'kuchotsa okha mapepala pampando wachiwiri uja.

“A Chete, muli moyo?”

“Tilipo, alamu. Inu foni ilipo?”

“Lero ili youma. Koma musandilodze.”

Dzina lakuti a Chete linali la paubwana. Mng'ono wawo ndiye anawapatsa, iye amene ankalankhula za anthu awiri, ndipo chimwalirireni mng'onoyo panalibenso wina padziko amene ankalidziwa kupatula alamuwa. Anti ankathira tiyi wa m'fulasiki m'makapu awiri. Alamuwo ankasimba zimene apeza m'mapaipi a anthu olemera, ndipo nthawi zina pakati pa nkhani ankati, “Akanakhala mng'ono wanu pano akanati chiyani?” n'kumuyeserera mawu ake, dzanja m'chiuno. Ankamuyeserera bwino moti Anti ankaseka mpaka kuvula magalasi. Sabata yonse pakamwa pawo pankatuluka mitengo ya mapepala ndi moni basi. Kuseka kunali kwa Lachisanu.

Alamuwo anakwatiranso patapita zaka zingapo, ndipo anachita bwino, panalibe wowadzudzula. Mayi watsopanoyo anali munthu waulemu. Koma mkulu wake wa malemu sangamangopita kunyumba ya mkazi wina kukakhala pampando n'kumakumbutsa zakale, ndiponso mwamuna wapabanja sangamangogogoda kwa mlamu wake wakale wopanda chimene wadzera. Pashopu panali chodzera. Mapepala a ntchito aja ndiwo ankawapatsa chilolezo chokhalabe pachibale.

Ndiye panabwera zinthu ziwiri motsatizana. Choyamba, maso. Zilembo zinayamba kukhala ngati zili kuseri kwa utsi, ndipo adokotala anati ndi ng'ala, m'maso onse awiri. Adzachita opaleshoni, koma mzere ndi wautali, ndipo zoyang'ana pakompyuta tsiku lonse zithe. Chachiwiri, eni nyumba. Analowa m'mawa wina atanyamula tepi yoyezera, n'kuyamba kuyeza khoma asanapereke n'komwe moni wokwanira.

“Anti, musandione ngati woipa. Mpongozi wanga akufuna aikemo mafoni. Inunso mukuona nokha mmene zikuyendera.”

“Ndikuona,” anatero Anti, ngakhale kuona kwenikweniko n'kumene kunkavuta.

“Kompyutayo agula, makinawo agula. Ndiye akuti imelo ija ya anthu, mungomusiyira pasiwedi. Wobwera kudzafunsa azimuthandiza iyeyo. Osavutika.”

Kukana kunkawavuta Anti chibadwire. Koma m'imelomo munali zotsatira za kuchipatala za anthu, makalata ochotsedwa ntchito, zithunzi za ziphaso. Ndipo wogwira imeloyo akhoza kudina kuti waiwala pasiwedi kulikonse kumene adiresiyo inalembetsedwa, n'kulowa ngati mwini wake.

“Ayi, mayi,” anayankha motsitsa. “Imeneyo siyosiyira munthu.”

“Ndiye muitani? Mupita nayo kunyumba?”

Kunyumba kunalibe kompyuta, ndipo pafoni zilembo zinali ngati nyerere. Kungoisiya osaitsegula nakonso kunali koopsa: akaunti ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, eni ake a imelo amatha kuifufuta, ndipo tsiku limene anesi adzaiwale pasiwedi, uthenga udzapita kumalo kopanda munthu. Inatsala njira imodzi. Aliyense apatsidwe zake, asamutsidwe, kenako imeloyo itsekedwe ndi dzanja la mwini wake.

Anamata chidziwitso pagalasi la chitseko. M'imelomo anaika yankho lodzitumiza lokha, louza aliyense wolemba kuti adiresiyi itsekedwa posachedwa. Kenako anayamba mafoda, mmodzimmodzi, atakulitsa zilembo mpaka mawu atatu kudzaza mzere.

Ntchito yake inali yofanana kwa aliyense, koma yosafulumira. Wopanda imelo ankamutsegulira yake, pasiwedi n'kusankha mwini wake, Anti atatembenukira kukhoma. Kenako ankamutumizira makalata ofunika a m'foda yake, n'kudikira kuti aone ndi maso ake kuti afika, zomata zake zikutseguka. Akatero ankafufuza m'imelo yakaleyo mauthenga onse olandira munthu amene wangolembetsa kumene, ndi ena opempha kutsimikiza adiresi, chifukwa amenewo ndiwo ankaulula malo amene munthuyo analembetsa, ngakhale amene iye mwini anaiwala. Kumalo aliwonse ankalowa, n'kupita posinthira adiresi, n'kulemba yatsopano. Malowo ankatumiza uthenga ku adiresi yatsopanoyo, mwini wake n'kudina kutsimikiza. Kwina ankatumizanso chenjezo ku yakale, kufunsa ngati ndi iwodi asintha. Kwina munthu analibe n'komwe pasiwedi yake, ankangolowera kudzera pa akaunti ya Anti, ndiye kunkafunika kumuikira kaye pasiwedi yakeyake asanamasule chingwecho. Pomaliza Anti ankati, “Tulukani, mulowenso ndikuona.” Akalowa bwinobwino, foda yake inkafufutidwa.

Aphunzitsi anathokoza n'kusiya paketi ya shuga patebulo. Anesi anapeza m'foda mwawo kalata imene anawalembera ntchito koyamba, pamodzi ndi chithunzi chawo chakale, n'kuti, “Ndinali wowonda bwanji pachithunzipa.” Ometa tsitsi anakana kutembenukiridwa.

“Anti, musayang'ane kukhoma. Inu ndiye mukumbukire, ine mutu wanga ndi wa tsitsi basi.”

“Ndikakumbukira ine, tasamutsa chiyani?”

“Ndiye mukutitaya?”

“Ndikukubwezerani zanu.”

Aliyense ankatuluka akuti, “Tizidzakuonani, Anti.” Anti ankavomera ndi mutu. Ankadziwa kuti anthuwo sakunama, akungonena zimene munthu amanena pakhomo.

Ena sanapezeke. Ena anasamuka, manambala awo akuyankhidwa ndi anthu achilendo. Mafoda awiri anali a anthu amene Anti anawatayipira okha mapulogalamu a maliro. Kwa amenewo anafufuza achibale, n'kuwatumizira zimene zinali zoyenera kusunga. Za osapezekawo anazikopera pa kafulashi, n'kukamanga m'kansalu, mwina tsiku lina wina adzagogoda.

Mafoda anachepa, anachepa, mpaka kumanzere kwa sikirini kunayera. Inatsala imodzi, ya alamu aja.

Lachisanu loyamba chimatireni chidziwitso chija, alamuwo anaima pachitseko n'kuchiwerenga milomo ikugwedera.

“A Chete, ichi n'chiyani? Mukutseka osandiuza?”

“Ndimati ndikuuzeni.”

“Nanga ine ntchito zanga?”

“Zanu n'zambiri, alamu. Zimafuna tsiku lake. Tidzapanga sabata yamawa.”

Sabata yamawayo itafika anati netiweki ikuvuta. Inayo anati maso atopa. Alamuwo sanakakamize, iwo zinthu za imelo ankaziopa ngati waya wamagetsi. Ankamwa tiyi wawo, n'kusimba za mayi wina amene anataya mano oikirira m'sinki n'kumanamizira wantchito. Anti ankaseka pakamwa pokha. M'mutu mwawo munali kuwerengera kwina. Bwanji atangoisiya imeloyo yotsegula chifukwa cha munthu mmodziyu? Akhoza kumaiyang'ana pafoni kunyumba, ndi galasi lokulitsira. Uthenga ukafika, n'kukopera papepala ndi dzanja. Alamuwo akanakhala ndi chodzera, ngakhale pageti pokha. Palibe akanadabwa. Palibe akanalakwiridwa.

Anakhala nalo ganizolo masabata angapo, osauza munthu, popeza panalibenso womuuza.

Tsiku lina pakati pa sabata anapita kuchipatala kukapimitsanso. Anawathira mankhwala okulitsa mwana wa diso, ndipo anatuluka dziko lonse likuwala mopweteka, osatha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha basi. Pashopu sanapite. Kunyumba foni inalira kamodzi kusonyeza kuti kwafika uthenga. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anatenga galasi lija, koma zilembo zinangosungunuka. Anati adzaona mawa.

M'mawa mwake atayatsa kompyuta anapeza mauthenga awiri ochokera kukampani ija. Woyamba unali woitana alamuwo mwachangu: paipi yaikulu yaphulika pa nyumba zosanjikizana, ntchito ya masiku angapo, ayankhe lisanafike dzuwa la masana. Wachiwiri unali waufupi. Popeza sanayankhe, ntchitoyo yapatsidwa kwa wina, ndipo kampani ikufunsa ngati adiresiyi ikugwirabe ntchito, chifukwa yankho lodzitumiza lokha likuti itsekedwa.

Anti anawaimbira nthawi yomweyo n'kuwauza zonse mmene zinalili. Kumbali inayo kunkamveka madzi akudontha penapake.

“Aa, musadandaule, alamu,” anatero. “Mapaipi sadzasiya kuphulika. Maso akuti bwanji adokotala?”

Akanakalipa zikanakhala bwino. Anti anaika foni patebulo n'kuyang'ana foda yotsalayo mpaka maso anachita misozi okha.

Lachisanu alamuwo anapeza mpando wachiwiri wochotsedwa kale mapepala, utakokeredwa kumbali ya kompyuta.

“Lero ndiye lero,” anatero Anti. “Khalani apa. Foni ili youma?”

“Mwayamba kundiopseza, a Chete. Tiyi kaye.”

“Tiyi pambuyo.”

Anawatsegulira imelo yawoyawo. Pa dzina panavuta, chifukwa onse amene alamuwo ankafuna anali atatengedwa kale.

“Pali wina akudzitchula dzina langa? Ali kuti ndikamuone?”

“Alipo ambiri. Tiwonjezere mawu akuti mipope kumapeto.”

“Wonjezerani. Adziwe kuti weniweni ndi uti.”

Pofika pa pasiwedi Anti anatembenukira kukhoma. Kumbuyo kwawo ankamva chala chimodzi chikusakasaka zilembo, chikugunda mwamphamvu ngati chikukhoma msomali.

“Mukudziwa chimene ndalemba?”

“Musandiuze.”

“Mungaseke.”

“Alamu, musandiuze. Mukalembe papepala kunyumba, muike mobisika. Osati m'chikwama cha zipangizo.”

Kenako kompyuta inafunsa nambala kapena adiresi ina yothandizira, yoti adzatumizeko uthenga tsiku limene mwini wake wadzaiwala pasiwedi kapena foni yatayika. Anti anafotokoza tanthauzo lake. Analemba nambala ya alamuwo, n'kunena kuti pakufunikanso ya munthu wina, poti foni zawo zimakonda kusambira.

“Ikani yanu,” anatero alamuwo osaganiza n'komwe. “Nanga ndani winanso?”

Anti anali nayo imelo yatsopano, imene anatsegula kuti azilandirira za kuchipatala ndi zithunzi za mdzukulu. Zala zawo zinali kale pamwamba pa zilembo zake. Foni idzagweranso m'madzi, zimenezo zinali zosachita kufunsa. Ikadzagwa, alamuwo adzaiwala pasiwedi, adzabwera akuthamanga, adzaima pageti n'kuitana kuti a Chete. Mwina kawiri pachaka. Koma adzapeza munthu atamangidwa bandeji kumaso, kapena atagona m'chipatala, ntchito ina n'kupitanso kwa wina.

“Ikhale ya munthu wa m'nyumba mwanu,” anatero. “Woti uthenga ukafika muli naye pafupi. Amayi akunyumba ali ndi imelo?”

“Ali nayo, amagulitsira nsalu zawo zija.” Alamuwo anatembenukira kwa Anti. “Mukutsimikiza?”

“Aimbireni.”

Anaimba, n'kuika foni patebulo kuti onse azimva. Mayiyo anatchula adiresi yake chilembo ndi chilembo, modekha, Anti akulemba. Uthenga wotsimikizira unapita, mayiyo anawerenga manambala amene analandira, zonse zinalowa bwino.

“Zikomo kwambiri, amayi aakulu,” anatero mayiyo. “Mwatisungira bambowa nthawi yaitali. Muzibwera kunyumba kuno.”

“Zikomo, mayi. Tidzabwera.”

Zitatero anasamutsa makalata: mapangano a ntchito ndi kampani ija, satifiketi ya umisiri, malisiti a zipangizo zimene zinali ndi chitsimikizo. Analowa pa tsamba la kampaniyo n'kusintha adiresi, ndipo foni ya alamuwo inalira m'manja mwawo.

“Yalira! A Chete, yalira kwa ine!”

“Dinani pamene palembedwa kuti tsimikizani.”

Anadina ndi chala chachikulu, anaphonya, anadinanso. Anti analemberanso kalata yaifupi kwa mlembi wa kampaniyo, kuti asinthe ngakhale m'mabuku awo, poti anthu ena amangoyankha pa uthenga wakale.

Chovuta chinali manambala. Popeza mafoni onse a alamuwo ankalowetsedwa pa akaunti ya Anti, manambala a makasitomala awo sankakhala m'foni ayi, ankakhala mu akauntiyo, osakanikirana ndi a Anti. Akanangotseka, tsiku lina alamuwo akanadzuka foni ili mbee. Ndiye anakhala mitu pamodzi n'kumasankha. Alamuwo ndiwo ankawerenga, poti maso awo anali abwino.

“Bwana Thanki Yodontha. Wanga. Mayi Agalu Olusa. Wanga. Wamapepala Wotchipa?”

“Wanga.”

“Osayankha Uyu. Ameneyu ndi wa ndani?”

“Si wanga.”

“Ndiye ndi wanga. Kaya anandilakwira chiyani.”

Anapitirira choncho, akuseka, mpaka alamuwo anaima. Dzina la malemu linalipo kawiri, nambala imodzimodzi. Pena panalembedwa mmene mwamuna amalembera mkazi wake, pena mmene mkulu amalembera mng'ono wake. Nambalayo inali itapatsidwa kale kwa munthu wina wosamudziwa. Onse awiri ankadziwa zimenezo, aliyense mwa njira yake, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti anadziwa bwanji.

“Iyi tigawana,” anatero alamuwo. “Aliyense atenge yake.”

Anti anasankha manambala a alamuwo, anawatulutsa m'fayilo imodzi, n'kuwalowetsa mu akaunti yatsopano. Awo anawasamutsira ku yawo. Kenako anatenga foni ija, anaikamo akaunti yatsopano, anadikira mpaka maina onse ataonekera, n'kuchotsamo yakale. Anaibweza ndi manja awiri.

“Basi?”

“Basi. Kuyambira lero ntchito zizikupezani komwe muli. Muziyang'ana m'mawa ndi masana.”

“Ndiye ndakhala bwana tsopano.” Anaitembenuza foniyo uku ndi uku. “Koma Lachisanu ndizidutsabe. Kunyumba kwanu si kutali.”

“Si kutali,” anavomera Anti.

Tiyi anali atazizira m'fulasiki. Anamwa choncho.

Imeloyo sanaitseke tsiku lomwelo. Anaisiya masabata ena pang'ono kuti aone ngati pali chimene chatsalira. M'mawa uliwonse ankaitsegula. Munkafika zotsatsa malonda, ndi uthenga umodzi wa sukulu ina umene anautumiza kwa aphunzitsi aja n'kuwakumbutsa kuti akasinthe kumenekonso. Za mipope sizinabwerenso. Lachisanu lina alamuwo anaimba kuti ali kutali, ntchito yawapeza m'mawa pafoni, ndipo mawu awo anali onyadira. Lachisanu linalo sanaimbe.

Tsiku lomaliza, mpongozi wa eni nyumba anali atayamba kale kukhoma mashelefu kukhoma lakumbuyo. Anti anapempha kuti asiye kaye pang'ono. Anakopera zonse zotsala za iwo eni pa kafulashi kena, anaona kuti zikutseguka, n'kupita potsekera akaunti. Kompyuta inafuna pasiwedi, ndipo zala zinailemba zokha monga zinkachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezo. Panabwera chenjezo lalitali: makalata onse adzafufutidwa, manambala adzafufutidwa, kulikonse kumene adiresiyi idakalembetsedwa kudzavuta kulowa. Anawerenga mzere uliwonse mphuno ili pafupi ndi galasi. Anachonga timabokosi tovomereza. Anadina.

Panalembedwa kuti akaunti yatsekedwa, ndipo ngati asintha maganizo pali kanthawi kochepa koti akhoza kuyesa kuibweza. Anti anafufuta zonse zimene kompyutayo inkakumbukira za iwo, anaizimitsa, n'kuuza mpongoziyo kuti apitirize kukhoma. Mpando umodzi wapulasitiki unali wawo wogula okha. Anaunyamula pamodzi ndi fulasiki n'kutuluka. Ometa tsitsi anakweza lumo m'mwamba kuwatsanzika, kasitomala ali pampando.

Kanthawi kobwezera kaja kanadutsa Anti ali kunyumba. Ankadziwa kuti kakudutsa, ndipo anakasiya.

Diso loyamba analichita opaleshoni nyengo yozizira itayamba. Alamuwo anamva mochedwa, n'kutumiza uthenga wa mawu wowapepesa, kumbuyo kukumveka chitsulo chikugunda paipi. Anati akangopeza mpata abwera ndi amayi akunyumba. Mpatawo unavuta, poti ntchito zinali zitachuluka. Kampani ija inkawakonda tsopano chifukwa ankayankha msanga.

Anakumana tsiku lina mwangozi, pamsewu waukulu pafupi ndi pokwerera basi. Anti ankachokera kokaonetsa diso, atavala magalasi akuda. Ndi diso latsopanolo anawaona bwinobwino kutsidya kwa msewu: paipi yaitali paphewa, imvi zambiri kuposa mmene ankaganizira. Alamuwo nawo anawaona.

“A Chete!” anakuwa, anthu n'kutembenuka. Anatulutsa foni m'thumba n'kuiimika m'mwamba. “Ikugwira! Inagwera m'madzi, koma tinabweza tokha ndi amayi! Manambala onse!”

“Mwachita bwino, alamu!” anayankha Anti, koma mawu awo sanali oti n'kuwoloka msewu.

Alamuwo analoza paipi, analoza kutsogolo, kusonyeza kuti akuthamangira ntchito, n'kuzunguza chala m'mwamba kuti tidzaonana. Basi yawo inaima. Analimbana ndi paipiyo pakhomo, kondakitala akuwakalipira, iwo akumuseka. Anti anaima pomwepo mpaka basiyo inakhota. Kenako anawoloka mosamala, n'kulowa m'sitolo kukagula mankhwala odonthezera m'maso.